Mulu umodzi wa njerwa, anthu atatu, nambala zitatu

"Aphunzitsi, ndikumanga kanyumba ka zipinda ziwiri ku Mchini kuno ku Chipata. Ndinalipira njerwa zootcha 3,000, ndipo kanta inabweretsa maulendo atatu n'kungokhuthula pamulu. Ine nditawerenga imodziimodzi ndinapeza 2,861. Mwana wanga wa giredi 6 anawerenga ziwiriziwiri, akuti 2,940. Omanga nawo akuti sizipitirira 2,800. Woumba akulumbira kuti anapakira zokwana. Kodi andibera, kapena ndife amene sitidziwa kuwerenga? Mwezi wamawa ndikufuna kugula zina 2,000."

Mayi wa ku Mchini

Amayi, khazikani mtima pansi, ndipo musanapite kukakalipira woumbayo dikirani kaye. Kuwerenga mumadziwa, mwana wanunso amadziwa. Chimene chachitika n'chakuti mwasenzetsa mutu katundu amene mutu sungathe. Ine ndaphunzitsa masamu ku pulayimale zaka zambiri, ndipo ndikanati ndiwerenge njerwa zimenezo imodziimodzi kuyambira 1 mpaka kumapeto, nanenso ndikanapeza nambala yangayanga yachinayi.

Taganizirani mmene pakamwa pamayendera. Poyamba zimathamanga: wanu, thuu, fili, folo. Koma mukafika kutali, njerwa iliyonse ikufuna dzina lalitali ngati "thuu sauzande eyiti handiredi sikisite wanu". Dzanja limamaliza kusuntha njerwa pakamwa pasanamalize kutchula, ndiye dzanja limatsogola, pakamwa n'kutsalira. Kenako wina wadutsa pamsewu n'kupereka moni, inu mwayankha kuti tili bwino kaya inu, pobwerera simukudziwa ngati munali pa satini kapena pa sate, pa fifitini kapena pa fifite. Mawu amenewa amafanana kwambiri m'khutu, ndipo kungowasokoneza kamodzi mwadumpha njerwa 17 kapena 35 osazindikira.

Mwana wanu anachita bwino kuwerenga ziwiriziwiri, chifukwa anadula ntchito ya pakamwa ndi theka. Komabe kuchokera pa thuu, folo, sikisi mpaka kukafika pafupi ndi 3,000 ndi kutchula pafupifupi ka 1,500, ndipo nambala yonse akuisunga m'mutu. Kuwerenga modumpha pakokha sikuchiritsa matendawa. Kumathandiza mukakuphatikiza ndi lamulo ili, limene ndikufuna muligwire kuposa china chilichonse chimene ndilembe pano: pakamwa pasapitirire 10, kapena pakachulukitsa 100. Zopitirira pamenepo zisungidwe ndi mulu umene mukuuona ndi maso, osati ndi mutu.

Chilankhulo chathu chomwe chimawerenga motero. Timati chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, dzanja latha. Kenako zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi, manja onse atha. Kupitirira apo timawerenga makumi: makumi awiri, makumi atatu. Agogo athu sankatchula dzina latsopano pa chinthu chilichonse, ankamanga mitolo ya zisanu ndi ya khumi. Ife tikungobwerera komweko.

Tsopano nayi ntchito yake. Sesani malo athyathyathya pambali pa muluwo. Kwathu kuno ku Chipata malo ambiri ndi otsetsereka chifukwa cha mapiri, choncho salazani ndi khasu ngati pakufunika kutero, chifukwa mudzafuna kuti milu yanu ilingane msinkhu. Njerwa iliyonse yowerengedwa ichoke pamulu waukulu ipite pamalo atsopanowo. Kuwerenga poloza ndi chala pamulu wokhuthulidwa ndi kanta n'kungotaya nthawi, chifukwa zapansi simuziona ndipo zapamwamba mumazibwereza.

Yalani njerwa zisanu moyandikana, m'mbali mogundana. Kutsogolo kwake yalaninso zina zisanu, mitu yake igundane ndi mitu ya zoyamba zija. Mwapeza mizere iwiri ya zisanuzisanu, ndiye khumi limenelo. Malinga ndi kukula kwa njerwa zathu zambiri, khumi lotere limaoneka ngati kabwalo ka mbali zotsala pang'ono kulingana. Pamwamba pake sanjikizani khumi lina, koma mulitembenuze kuti lipingase loyamba lija, monga amachitira omanga kuti mulu usagwe. Pitirizani mpaka zisanjikizane kakhumi. Mulu umenewo ndi njerwa 100, ndipo pa munthu wamkulu umalekeza chakumunsi kwa chiuno.

Anthu ena amaseka timilu tating'ono totere, amati bwanji osangopanga chimulu chimodzi chachikulu cha 1,000 n'kuchulukitsa m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Masamu ake ndi olondola, koma chimulu chachikulu chili ndi mimba, ndipo m'mimbamo simuonamo. Mukhoza kukhala mphako, mukhoza kudzazidwa zidutswa. Kamulu ka mizere iwiri ya zisanu kalibe mimba: njerwa iliyonse imaonetsa mutu wake kunja. Mukazungulira kamodzi mwaona zonse 100. Ikasowa imodzi pamaoneka gweru ngati mwana wogweluka dzino, ndipo simufunika kuwerenga kuti mudziwe. Diso la munthu limazindikira zinthu zitatu kapena zinayi nthawi imodzi popanda kuwerenga, koma zikapitirira apo limadalira kaikidwe kake. N'chifukwa chake amayi a tomato pa Saturday Market akangoyang'ana kamulu kawo amadziwa kuti kaperewera, chikhalirecho sanakhudze n'komwe.

Nanga ziwiriziwiri ndi zisanuzisanu zikulowa pati? Zimenezo ndi za manja, ndipo chimene chimasankha ndi kulemera kwa katunduyo. Njerwa yootcha imodzi imalemera makilogalamu atatu kapena kuyandikira apo, malinga ndi chikombole cha woumba. Inu ndi mwana wanu tengani ziwiriziwiri, imodzi dzanja ili, ina dzanja linalo, n'kumatchula poika pansi: thuu, folo, sikisi, eyiti, teni. Mukafika pa teni pakamwa pabwerere pa chiyambi. Musanene twelofu. Mnyamata waganyu wamphamvu amatha kunyamula zisanu pachifuwa, ndiye kwa iye ndi faifi, teni, basi khumi lakwana pa maulendo awiri. Koma munthu mmodzi asasinthesinthe, uku ziwiri, uku zitatu, uku zisanu monga mmene zamugwirikira. Pakamwa pamazolowera nyimbo imodzi, ndipo padzatchulabe "eyiti" ngakhale m'manja muli zitatu. Ubwino wa kayalidwe kathu kaja ndi wakuti ngakhale pakamwa palakwe, khumi loperewera kapena lopitirira silikhala bwino pamulu, limadziulula lokha.

Pali kachizindikiro kena kothandiza mwana amene akuwerenga modumpha mpaka 100. Powerenga ziwiriziwiri kuyambira pa chiyambi, nambala iliyonse imathera pa 2, 4, 6, 8 kapena 0. Mukamumva akuti sate seveni, dziwani kuti waphonya penapake. Powerenga zisanuzisanu imathera pa 5 kapena pa 0 basi, mosinthana. Ndipo malo amene ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amapunthwa ndi powoloka 100. Ndamva kambirimbiri m'kalasi: eyite, nainte, handiredi, kenako thuu handiredi m'malo mwa 110. Ichi ndi chifukwa chinanso cholekezera pa 100 n'kuyamba mulu watsopano.

Mulu ukakwana, tengani khala mulembe pa njerwa yapamwamba. Mukhoza kulemba nambala ya muluwo, 1, 2, 3, kapena kungodula mtanda. Chachikulu n'chakuti muzilemba mulu ukatha, osati pouyamba, ndipo wolemba akhale munthu mmodzi tsiku lonse. Milu muiike m'mizere ya isanuisanu, kusiya kanjira koti munthu n'kudutsa. Mzere uliwonse ndi 500. Ngati njerwa zanu zilidi 3,000 mudzaona mizere 6 yodzaza, ndipo ngakhale mnansi wosapita kusukulu adzatha kukuchitirani umboni.

Ndikufotokozereni zimene zinandionekera ine, chifukwa zikufanana ndi zanu. Pa sukulu ina ya kumudzi chakumbali ya Chadiza kumene ndinkaphunzitsa, tinkamanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo mudzi wina unalonjeza njerwa 3,000. Anazituta pa ngolo masiku angapo. Wapampando wa komiti ya makolo atawerenga anati zaperewera ndi mazana angapo, a nyakwawa a mudziwo anakwiya nati tikuwayesa akuba, ndipo msonkhano unatsala pang'ono kuthera m'manja. Loweruka lotsatira ndinaitana anyamata anayi a giredi 7 ndi anthu awiri a m'mudzimo, tinasanja monga ndafotokozeramu. Dzuwa lisanafike paliwombo tinali titamaliza.

Tinapeza mizere isanu yodzaza. Tinayenda nayo tikutchula: 500, 1,000, 1,500, 2,000, 2,500. Mzere wachisanu ndi chimodzi unali ndi milu itatu yokwana: 2,600, 2,700, 2,800. Panali mulu wina wosatha, umene unasanjikizana kasanu ndi kawiri, ndiye tinauwerenga khumikhumi kuyambira pansi: 10, 20, 30, 40, 50, 60, 70. Pamwamba pake panatsala njerwa 4. Zonse pamodzi 2,874. Onani kuti tinayamba ndi zikuluzikulu n'kumatsika, zotsalira zija n'kubwera pamapeto penipeni. Mukayamba ndi 4 uja, kuwerenga kwanu kudzakhala 14, 24, 34, ndipo nyimbo ya teni, twente, sate yasokonekera.

Kuchoka pa 2,874 kufika pa 3,000 panaperewera 126. Wapampando anayamba kale kugwedeza mutu. Koma kumbali kunali mulu wina umene ndinauza anyamata aja kuti aziponyako chilichonse chosakhala njerwa yathunthu. Zidutswa zimenezo tinaziwerenga ziwiriziwiri, ndipo apa kuwerenga kumeneku kunali ndi tanthauzo lina: kutenga matheka awiri, kuwagundanitsa, n'kutchula kuti imodzi. Tinapeza mapeya 95, kutanthauza zidutswa 190. Kuphatikiza 95 pa 2,874 tinafika pa 2,969. Zotsala 31 zinali zibuma ndi fumbi limene linali mbwee pamene ngolo zinkakhuthulira. Anthu a mudzi uja anapakiradi 3,000 kapena pafupi kwambiri. Njira ya mabampu ndi kakhuthulidwe ndizo zinadya zinazo. A nyakwawa sananene kanthu, anangotola theka limodzi n'kukaliika m'manja mwa wapampando.

Ndikuganiza kuti nambala zanu zitatu zija zasiyana pa chifukwa chomwechi, kuwonjezera pa kutopa kwa pakamwa. Mwana amawerenga chilichonse chofiira chimene dzanja lagwira, ndi matheka omwe, choncho nambala yake imakwera. Omanga amawerenga zokhazo zimene angaike pakhoma, amataya ngakhale zothyoka ngodya ndi zosapsa bwino, choncho yawo imatsika. Inu muli pakati. Musanayambe kusanja, gwirizanani kuti njerwa yathunthu ndi iti, ndipo zidutswa zikhale ndi mulu wake. Matheka si otayika onse, omanga amawafuna pomangira m'makona, m'mbali mwa zitseko ndi mawindo. Koma ngati munalipira zathunthu, ndi bwino kudziwa kuti zathunthu zilipo zingati.

Mukamaliza, munthu wachiwiri abwereze, koma asaphwasule milu. Ayende kuyambira kumapeto kubwerera kuchiyambi, aziona zinthu ziwiri: ngati mulu uliwonse wasanjikizana kakhumi, ndi ngati milu yonse yalembedwa. Nambala zanu zikasiyana, kukula kwa kusiyanako kumakuuzani kokafufuza. Zikasiyana ndi 100 ndendende, pali mulu umene wadumphidwa kapena wawerengedwa kawiri, kawirikawiri wa kumapeto kwa mzere. Zikasiyana ndi 10 kapena 20, pali mulu umene unalekezedwa pa kasanu ndi kanayi kapena unapitirira kufika pa 11. Vuto limeneli ndi lofala kuposa onse, ndipo limabisala chifukwa njerwa za m'chikombole cha pamanja sizilingana kuchindikala. Mulu wa njerwa zonenepa 90 ukhoza kulingana msinkhu ndi wa njerwa zopyapyala 100. Ena amadula kamtengo koyezera msinkhu. Kamathandiza kuona mwachangu mulu wokayikitsa, koma musakakhulupirire kokha, yendetsani chala pangodya kuchokera pansi: thuu, folo, sikisi, eyiti, teni. Zikasiyana ndi imodzi, ziwiri kapena zisanu, yang'anani pa mulu wosatha uja, kapena wina watengapo njerwa kukakhalira.

Pa njerwa 2,000 za mwezi wamawa, musalole kukhuthula pamulu. Kusanja kawiri kumathyola ngodya ndiponso kumadya ndalama ya ganyu. Konzani malo kanta isanabwere, ndipo otsitsa azitsitsira m'milu ya 100 mwachindunji. Adzanyinyirika kuti mukuwachedwetsa, makamaka dalaivala amene akufuna kukatenga ulendo wina, choncho muwauze tsiku lopangana mtengo, osati galimoto itafika kale pakhomo. Mawu akuti "ulendo umodzi ndi 1,000" muziwamva ngati kuyerekeza chabe. Kanta sizilingana, ndipo wopakira akaona matayala akuphwa amalekeza pomwepo.

Ngati mungathe, tumani munthu wanu ku uvuni. Kumeneko kulibe nthawi yosanja milu, njerwa zimachoka pa uvuni kupita m'galimoto anyamata akupatsirana, ndiye milu imalowedwa m'malo ndi zizindikiro. Wopakira amene ali m'galimoto azifuula "teni" khumi likakwana, ndipo munthu wanu aziponya njere imodzi ya chimanga m'kachitini. Njere zikakwana khumi azichotsa n'kuika mwala umodzi m'thumba. Njere ndi 10, mwala ndi 100. Musagwiritse miyala pa zonse ziwiri, ati waung'ono ndi khumi, waukulu ndi zana, chifukwa pofika madzulo mudzayamba kukangana za mwala wapakatikati. Amene amakonda pepala alembe timizere tinayi toimirira, kachisanu n'kudula mopingasa. Ngati kamzere kalikonse ndi 10, mtolo umodzi ndi 50, mitolo iwiri 100, ndipo njerwa 2,000 ndi mitolo 40. Foni ikalira kapena wina akamuyankhulitsa, wowerengayo akweze dzanja ntchito iime, kapena amalize kaye khumi limene lili m'njira. Chikasokonekera chinthu, chotayika ndi khumi limodzi lokha, ndipo kulibwereza ndi kanthawi kochepa.

Njira yomweyi imagwira pa zinthu zina, kungosintha chimene dzanja lingatenge. Malalanje ndi mango, ziwiriziwiri kapena zisanuzisanu m'timilu ta khumi. Misomali ya malata, zisanuzisanu pokankha ndi chala pa thebulo. Ndalama zachitsulo zisiyanitseni kaye mitundu, za K1 pazokha, za K2 pazokha, za K5 pazokha, kenako sanjikizani khumikhumi, pamenepo mulu uliwonse ndi K10, K20 kapena K50. Mazira okha ndiwo ali ndi mtolo wake kale, thireyi ya 30, ndipo kudumpha ndi 30 kumasokoneza anthu ambiri akadutsa 90. Kuli bwino kuwerenga mathireyi enieniwo, khumi akhale 300.

Tsono mukasanja n'kupeza kuti, ngakhale mutaphatikiza mapeya a zidutswa, zikuperewerabe ndi 100 kapena kuposa, pamenepo nkhani si ya kuwerenganso. Musayambe kumangira njerwazo, ndipo musaphwasule milu. Itanani woumbayo adzaone yekha, pakhale omanga anu ndi munthu wina wamkulu wa m'dera lanu amene nonse mumamulemekeza. Mpatseni mpata ayende m'mizeremo awerenge ndi pakamwa pake. Nthawi zambiri munthu akaona mzere wachisanu ndi chimodzi uli ndi milu itatu m'malo mwa isanu, amavomera kuwonjezera pa ulendo wotsatira. Mufunsenso dalaivala, chifukwa njerwa zina zimatsikira m'njira woumba osadziwa. Akakana zonse, pitani kwa atcheyamani a m'dera lanu kapena kwa amfumu a kumene kuli uvuniwo musanaganize za khoti, ndipo mutenge chithunzi cha miluyo pa foni pamodzi ndi pepala limene munalembapo.

Za mwana wanu, mumupatse iyeyo khala lija akhale wolemba milu, ndipo pomaliza ayende m'mizere akutchula 500, 1,000, 1,500 mokweza. Mukaona kuti akukakamira powoloka 100, kapena powerenga zisanuzisanu akutchula nambala zothera pa 3 kapena pa 7, kauzeni aphunzitsi ake a masamu temu ino isanathe, chifukwa matebulo a 2, 5 ndi 10 amachokera pomwepo, ndipo chaka chamawa ali ndi mayeso a giredi 7.